Sasipensi yafika pa ziro, koma kodi mabuku alongosoka?

Kwa wamalonda amene amasunga mabuku olemba kawiri, kutha kwa chaka kumabwera ndi mayeso amodzi osathawika. Mumatenga zotsala za akaunti iliyonse mu leja, n'kuzindandalika pa pepala limodzi, za debiti kumanzere, za kirediti kumanja, kenaka n'kuwonkhetsa. Pepala limeneli ndi lomwe owerengera ndalama amati tirayo balansi. Poti ndalama iliyonse yolowa kapena kutuluka imalembedwa kawiri, kamodzi ku debiti ndi kamodzi ku kirediti, mbali ziwirizi ziyenera kufanana mpaka tambala. Kalembedwe aka si katsopano, Luca Pacioli wa ku Italy anakafotokoza kale m'buku lake la mu 1494, ndipo vuto la mbali ziwiri zokana kufanana nalonso n'lakale chimodzimodzi.

Zikakana, ndipo nthawi yofufuza palibe chifukwa abanki kapena eni bizinesi akudikira malipoti, kalaliki amatsegula akaunti yongoyembekezera yotchedwa sasipensi. Amaikamo ndalama yomwe ikuperewerayo ku mbali yomwe yachepa, kuti pepala lifanane kaye ntchito ipitirire. Sasipensi si katundu, si ngongole, si phindu. Ndi chizindikiro chakuti penapake palakwika ndipo sipanapezeke.

Apa ndi pamene makalaliki ambiri amasokonekera. Akangotsegula sasipensi, amaganiza kuti cholakwika chilichonse chomwe apeze chiyenera kudutsa mmenemo. Ayi ndithu. Sasipensi imalandira zolakwika zokhazo zomwe zinapendeketsa mbali ziwiri zija. Pali zolakwika zina, kawirikawiri zikuluzikulu kumene, zomwe sizipendeketsa kanthu, ndipo ziwiri mwa izo ndi kuiwaliratu kulemba chinthu, komanso kulemba chinthu mu akaunti ya mtundu wolakwika. Izi zimakonzedwa padera, sasipensi osaikhudza n'komwe.

Tiyerekeze holoselo ina ya ku Limbe yogulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo ndi zakumwa, yomwe imatseka mabuku pa 31 Disembala. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Kalaliki wawonkhetsa ndipo wapeza kuti debiti ndi K48,620,000 pomwe kirediti ndi K48,935,000. Debiti yachepa ndi K315,000. Choncho watsegula sasipensi n'kuikamo K315,000 ku debiti. Phindu lomwe latuluka pa mabuku osakonzawa ndi K6,200,000, ndipo mayi mwini holoselo akufuna kupita nalo ku banki kukapempha ngongole yowonjezera mpamba.

Asanayambe kutsegula mafayilo, kalaliki wodziwa ntchito amayamba wayesa nambalayo. Amaigawa pakati, chifukwa ndalama ikalembedwa ku mbali yolakwika kusiyana kwake kumakhala kuwirikiza kawiri ndalamayo. Theka la K315,000 ndi K157,500, ndipo m'mabuku a holoseloyi mulibe ndalama yotere. Amaigawanso ndi 9, chifukwa manambala akasinthana malo, monga kulemba K540,000 m'malo mwa K450,000, kapena ziro mmodzi akagwa, kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa K315,000 yagawika bwinobwino, yapereka K35,000, zomwe zikusonyeza ngati wina analemba K35,000 pomwe amayenera kulemba K350,000. Kalaliki atha kutaya tsiku lathunthu akusaka K350,000 yomwe kulibe. Njira ziwirizi n'zothandiza pamene cholakwika chili chimodzi. Zikakhala ziwiri kapena kuposerapo, nambala ya mu sasipensi imangokhala chotsala zitalimbana, ndipo sifanana ndi lisiti lililonse m'kabati.

Njira yomwe imagwira ndi yotopetsa ija: kutenga buku la ndalama, mzere ndi mzere, n'kuona ngati ndalama iliyonse inafikadi ku akaunti yake mu leja, n'kumachonga ndi pensulo mbali zonse ziwiri. Musanayambe zimenezi, yang'anani kaye maakaunti omwe mukudziwa kuchuluka kwa mizere yake, monga lendi, malipiro a antchito ndi chiwongoladzanja cha banki. Lendi ya shopu iyi ndi K450,000 pa mwezi, ndiye pa chaka iyenera kukhala K5,400,000 m'mizere 12. Akaunti ya lendi ikuonetsa K4,950,000, mizere 11. Ya Okutobala palibe. Mu buku la ndalama ilimo, inatuluka ku banki ndipo inalembedwa ku kirediti, koma sinafike ku debiti ya akaunti ya lendi.

Uku ndi kuiwala mbali imodzi. Mwendo umodzi unalembedwa, winawo ayi, ndipo n'chifukwa chake pepala linapendekeka. Cholakwika chotere ndiye cha mu sasipensi. Simufufuta kanthu, simupaka zoyera pa leja. Mumalemba kukonzako mu jenolo, buku lolembamo zokonza, ndi tsiku komanso chifukwa chake:

Debiti: Lendi K450,000
Kirediti: Sasipensi K450,000

Onani kuti banki sitinaikhudze. Mbali ya banki inalembedwa kale molondola mu Okutobala, ndipo kuilembanso kungachititse kuti ndalama ioneke ngati inatuluka kawiri. Sasipensi ndi yomwe yaima m'malo mwa banki, kuti kukonzaku kukhalebe ndi miyendo iwiri.

Tsopano taonani zomwe zachitika. Sasipensi inali ndi K315,000 ku debiti, talowetsa K450,000 ku kirediti, ndiye yatembenuka, yatsala ndi K135,000 ku kirediti. Makalaliki ena akaona izi amachita mantha n'kubweza zomwe akonza, poganiza kuti awonjezera vuto. Kulakwa kumeneko. Ngati lisiti la mwini nyumba ndi sitetimenti ya banki zikuchitira umboni kuti lendi inalipidwa, kukonzako n'kolondola, ndipo kutembenukako kukungokuuzani kuti pali cholakwika china cha K135,000 ku mbali inayo chomwe chimabisala kuseri kwa choyambacho. Nambala yatsopanoyi ndi yomwe muyenera kusaka tsopano.

Ndipo imapezeka msanga. M'buku la malisiti, pa kapepala kotsalira ka mu Novembala, pali K135,000 yomwe bambo wina wa golosale ku Bangwe anabweza pa ngongole yake. Ndalamayo inalowa m'kabati ndipo inalembedwa ku debiti ya buku la ndalama, koma ku akaunti ya bamboyo sinalembedwe. M'mabuku akuonekabe ngati ali ndi ngongole yomwe anabweza kale. Akadatumiziridwa kalata yolonjerera, akadabwera ndi lisiti lawo m'manja, ndipo mwina kasitomala akadathera pomwepo.

Debiti: Sasipensi K135,000
Kirediti: Akaunti ya bambo wa golosale K135,000

Sasipensi tsopano ili ndi K315,000 ndi K135,000 ku debiti, zonse pamodzi K450,000, ndipo ku kirediti kuli K450,000. Yafika pa ziro, yatsekedwa. Mukalembanso tirayo balansi, debiti yakwera ndi K450,000 ya lendi, yatsika ndi K135,000 ya ngongole yomwe inabwezedwa, ndipo yafika pa K48,935,000, ndendende ndi kirediti.

Makalaliki ambiri amatseka fayilo pamenepa. Koma tirayo balansi imayankha funso limodzi lokha: kodi zomwe zinalembedwa kumanzere n'zofanana ndi zomwe zinalembedwa kumanja? Siidziwa ngati zonse zinalembedwa, siidziwanso ngati zinalembedwa pamalo pake. M'mabuku a holoseloyi mwatsala zolakwika ziwiri, chilichonse chachikulu kuposa K315,000 yomwe inasowetsa anthu tulo ija.

Choyamba ndi kuiwaliratu. Pa 19 Disembala kampani yomwe imabweretsa shuga inatsitsa mabelo a K860,000 pa ngongole. Tsikulo shopu inali yodzaza ndi anthu ogula za Khirisimasi, mnyamata wa kusitolo anasayina pepala lolandirira katundu, n'kupinda invoyisi kuiika m'thumba la ovolosi. Sinafike pa tebulo la kalaliki. Palibe chomwe chinalembedwa ku akaunti ya zogula, palibenso chomwe chinalembedwa ku akaunti ya kampaniyo. Ziro kumanzere, ziro kumanja, ndipo ziro ndi ziro n'zofanana. Mungachonge buku la ndalama ndi leja mpaka pensulo kutha, simuipeza, chifukwa simungachonge chinthu chomwe sichinalembedwe.

Cholakwika chotere chimapezeka ndi umboni wochokera kunja kwa mabuku anu. Pemphani sitetimenti kwa aliyense amene amakukongozani katundu. Ya kampani ya shugayi ikuti holoselo ili ndi ngongole ya K2,310,000, pomwe leja ikuti K1,450,000. Kusiyana kwake ndi K860,000, ndipo nambala ya invoyisi yosowayo ili pomwepo pa sitetimenti. Njira ina ndi kufananitsa mapepala olandirira katundu a kusitolo ndi mainvoyisi omwe ali mu fayilo, makamaka a masabata awiri omaliza a chaka. Kumbali ya zogulitsa, onani ngati manambala a mainvoyisi anu akutsatana popanda kudumpha. Musangokhulupirira sitetimenti ya kampani chifukwa yatayipidwa bwino, iwonso amalakwitsa. Onani kaye siginecha ya mnyamata wanu pa pepala lolandirira, ndipo mukatsimikiza kuti shugayo anafikadi, lembani:

Debiti: Zogula K860,000
Kirediti: Kampani ya shuga K860,000

Sasipensi mulibemo. Miyendo yonse iwiri inasowa, ndiye yonse iwiri ikulembedwa pa malo ake enieni. Tirayo balansi ingokwera mbali zonse ziwiri kufika pa K49,795,000.

Kuopsa kwa invoyisi yoiwalikayi kuli pa phindu. Shugayo ena anagulitsidwa ndipo ndalama zake zinalembedwa ngati zogulitsa, otsalawo anawerengedwa ngati katundu wa m'sitolo pa 31 Disembala. Mabuku akuonetsa ngati shugayo anagwa kumwamba, mtengo wake palibe. Phindu lakwera ndi K860,000 yabodza, ndipo ngongole yomwe kampani idzaifuna mu Januwale sikuoneka paliponse. Wamalonda wodziwa katundu wake atha kununkhiza vutoli ngakhale sitetimenti isanabwere: phindu la pa shuga limadziwika kuti n'lochepa, ndiye likakwera mwadzidzidzi mwezi umodzi mitengo isanasinthe, funsani kuti invoyisi ili kuti.

Chachiwiri ndi chomwe chimavuta kumvetsa, chifukwa chilichonse chimaoneka kuti chili m'malo. Mu Januwale mayi aja anagula firiji yaikulu ya K1,200,000 yoziziritsira zakumwa, n'kulipira kudzera ku banki. Kalaliki analemba kirediti ku banki, zomwe n'zoona, koma debiti anaiika ku akaunti ya zogula, pamodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira. Ndalama yake n'njolondola, mbali yake n'njolondola, lisiti lilipo. Cholakwika ndi mtundu wa akaunti. Akaunti ya zogula ndi ya katundu amene mwagula kuti mugulitsenso. Firijiyi sinagulidwe kuti igulitsidwe, ndi chipangizo cha bizinesi chomwe chigwire ntchito zaka zingapo, ndipo malo ake ndi mu akaunti ya zipangizo. Owerengera ndalama amati apa paphwanyidwa mfundo ya kalembedwe, chifukwa chuma chokhalitsa chasandutsidwa ndalama yodyeka chaka chimodzi.

Dziwani kuti si dzina la chinthu lomwe limasankha akaunti, koma ntchito yake mu bizinesi yanuyo. Kwa wogulitsa mafiriji, firiji ndi katundu wogulitsa ndipo imalowadi mu zogula. Kwa wa holoselo ya zakudya, ndi chipangizo. Kusokoneza kumeneku kumachitikanso chobwerera: wina akakonzetsa njinga yamoto ya shopu, n'kugula matayala ndi oyilo, amawonjezera ndalamayo pa mtengo wa njingayo mu akaunti ya zipangizo, pomwe imeneyo ndi ndalama yoyendetsera ntchito ya chaka chomwecho. Ndipo m'mabizinesi a pabanja, chofala kwambiri ndi fizi ya ana kapena ndalama ya ndiwo yotapidwa m'kabati n'kulembedwa ngati malipiro a antchito, pomwe iyenera kupita ku akaunti ya zomwe mwini bizinesi watapa.

Zotere zimapezeka powerenga mawu, osati manambala okha. Tsegulani akaunti ya zogula, muwerenge mzere uliwonse waukulu kuti unali wa chiyani komanso unalipidwa kwa yani. Dzina la sitolo ya zamagetsi pakati pa makampani a sopo ndi shuga liyenera kukuimitsani. Kenaka zungulirani m'shopu ndi kaundula wa zipangizo m'manja. Firiji ikulira pakona koma mu kaundula mulibe, ndiye kuti inalembedwa kwina. Kukonza kwake ndi kusamutsa chabe:

Debiti: Zipangizo K1,200,000
Kirediti: Zogula K1,200,000

Apanso sasipensi mulibemo, ndipo zowonkhetsa za tirayo balansi sizisuntha, chifukwa ndalama yangochoka mu akaunti ina ya debiti kupita mu inzake. Kalaliki amene angalembe debiti ku zipangizo n'kuika kirediti ku sasipensi walakwitsa kawiri. Akaunti ya zogula yatsala yotupa monga inalili, ndipo sasipensi yomwe inatsekedwa ija yatsegukanso ndi K1,200,000 yomwe sadzaipeza m'fayilo iliyonse, poti waipanga yekha.

Pali kayesedwe kosavuta kodziwira ngati sasipensi ikufunika. Tengani pepala, mulembe kumanzere zomwe zinalembedwadi m'mabuku, debiti ndi kirediti yake, ndipo kumanja mulembe zomwe zimayenera kulembedwa. Kenaka yang'anani za kumanzerezo pazokha. Ngati debiti ndi kirediti zomwe zinalembedwa zinali zofanana, kaya zinali K1,200,000 ndi K1,200,000 ngati pa firiji, kaya ziro ndi ziro ngati pa shuga, sasipensi isalowemo. Ngati sizinali zofanana, ngati pa lendi pomwe panali ziro ndi K450,000, kusiyanako ndi komwe kumadutsa mu sasipensi. Ine ndimaona kuti kulemba pepala limeneli pa cholakwika chilichonse, ngakhale chooneka chophweka, n'kwachangu kuposa kukonza zomwe zakonzedwa molakwika.

Tsopano tibwerere ku phindu la K6,200,000 lomwe mayi aja amafuna kupita nalo ku banki. Lendi ya Okutobala ikulitsitsa kufika pa K5,750,000. Ngongole yomwe bambo wa golosale anabweza siikhudza phindu, chifukwa katunduyo anawerengedwa kale tsiku lomwe anagulitsidwa, ikungotsitsa ndalama zomwe holoselo ikuyembekezera kwa makasitomala. Shuga akulitsitsanso kufika pa K4,890,000. Firiji ikachoka mu zogula, phindu likukwera kufika pa K6,090,000.

Wina atha kunena kuti ntchito yonseyi yangosintha phindu ndi K110,000, ndiye tavutikiranji. Koma kuyandikana kumeneku ndi mwayi chabe, zolakwika zinangokumana n'kuphimbana. Pansi pake chithunzi chasintha kwambiri: ngongole ya holoselo yakwera ndi K860,000 yofunika kulipidwa masabata akubwerawa, ndalama zoyembekezera kwa makasitomala zatsika, ndipo mu mabuku mwalowa chipangizo chomwe abanki atha kuchiwerengera ngati chuma cha bizinesi.

Ndiponso firijiyo ikalowa mu zipangizo, nkhani yake siithera pomwepo. Chipangizo chimatha pang'onopang'ono, ndipo chaka chilichonse gawo la mtengo wake limachotsedwa pa phindu. Ngati holoseloyi imawerengera kuti firiji ikhala zaka 5, gawo la chaka chino ndi K240,000, ndipo phindu lenileni likhala K5,850,000. Ambiri amakumbukira kusamutsa firiji koma n'kuiwala gawo limeneli. Pa nkhani ya msonkho, bungwe la MRA sililola kuti mtengo wa chipangizo chokhalitsa ungochotsedwa ngati ndalama wamba yoyendetsera bizinesi. Zipangizo zili ndi malamulo akeake a kachotsedwe, ndiye firiji yobisala mu zogula itha kukubweretserani mafunso tsiku lomwe adzabwere kudzaona mabuku.

Nanga sasipensi ikakana kufika pa ziro? Chomwe simuyenera kuchita ndi kukankhira chotsalacho mu akaunti ya zinazina mwakachetechete. Holoseloyi ikadatero ndi K315,000 ija, lendi ikadakhalabe yoperewera, ndipo bambo wa ku Bangwe akadalonjereredwa ngongole yomwe anabweza kale. Kuchepa kwa nambala si umboni wakuti vuto n'laling'ono, K5,000 itha kukhala chotsala cha zolakwika ziwiri za theka la miliyoni. Ngati mwachonga zonse ndipo patsala kandalama kochepadi, kufufuta kwake kuvomerezedwe ndi mwini bizinesi kapena akauntanti, molemba, ndi tsiku lake.

Amene mumasunga mabuku pa kompyuta mungaganize kuti nkhaniyi si yanu, poti mapulogalamu a zowerengera ndalama salola kulemba mwendo umodzi wokha. N'zoona, lendi yolembedwa mbali imodzi simudzaiona, ndipo tirayo balansi yanu idzafanana tsiku lililonse. Koma invoyisi yomwe ili m'thumba la ovolosi kompyuta siidziwa, ndipo mukasankha akaunti ya zogula polemba firiji imalandira osafunsa. Kwa inu sasipensi imadzaza m'njira ina: ndalama zolowa pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki popanda dzina lodziwika, zomwe kalaliki amazisungiza mmenemo podikira kudziwa mwini wake. Izi zimachoka mofanana ndi za bambo wa golosale uja, debiti ku sasipensi, kirediti ku akaunti ya kasitomala akadziwika. Yambani ndi nambala ya foni ndi tsiku zomwe zili pa uthenga wa ndalamayo, muzifananitse ndi buku la okongola sabata yomweyo, makasitomala asanafufute mauthenga m'mafoni mwawo.